Kusewera gulu limodzi netiweki ikamabwera n'kumapita: zimene Thambani watiphunzitsa

"Alamu, mwaimanso ngati chitsa! Thawani, akukuomberani!"

Mawu amenewa ndinawamva mochedwa, atadukaduka ngati wailesi yotha batire. Pa foni yanga munthu wanga ankaoneka akuthamanga bwinobwino kulowera kuseri kwa nyumba. Pa foni ya mlamu wanga ku Joni, munthu yemweyo anali ataima poyera, mfuti ili m'manja, osasuntha. Netiweki itabwerera ndinapeza ndafa kale, ndipo msuweni wathu wa ku Tete nayenso anali atafa pofuna kudzandidzutsa. Unali usiku wachitatu wotsatizana tikuyesa Free Fire, ine nditakhala pachulu cha kuseri kwa nyumba kuno ku Thambani, pomwe timizere ta netiweki timakwerako pang'ono.

Tilipo anayi. Tinakulira limodzi kuno ku Mwanza, koma moyo unatimwaza: wina ali ku Johannesburg, wina ku Tete, wina anapita kusukulu ku Mangalande n'kukhazikika komweko, ine ndinatsala kumudzi. Kuimbirana foni kumatha msanga, chifukwa mukafunsana za mvula, za maliro ndi za mtengo wa feteleza, nkhani yatha. Tinkafuna chinthu chochitira limodzi, tili mbali imodzi, monga tinkachitira posaka mbewa kapena pomenya mpira wachikulunga ndi anyamata a mudzi wina. Funso lake ndi limene anthu ambiri a kuno ali nalo: kodi ndi masewera ati ogwirizana amene angatheke pamene mmodzi wa inu ali ndi intaneti yoyenda ngati nkhono, yomwenso imazima osatsanzika?

Yankho limene ndafikapo ndi lakuti liwiro la intaneti si ndilo loyenera kuyang'ana poyamba. Choyamba n'kudziwa chimene masewerawo amachita munthu mmodzi akasowa kwa masekondi khumi, kwa mphindi khumi, kapena kwa tsiku lathunthu.

Tikamati "netiweki yavuta" timaphatikiza matenda atatu osiyana. Oyamba ndi kuchepa kwa njira, ndiko kuti deta yodutsa pa sekondi imodzi ndi yochepa. Awa ndi amene amachititsa kuti kanema azingozungulira. Masewera ambiri sadwala nawo kwenikweni matendawa, chifukwa mkati mwa kusewera foni imangotumiza timauthenga ting'onoting'ono: ndasunthira apa, ndaombera uko. Deta yambiri imapita potsitsa pulogalamuyo ndi poikonzanso eni ake akatulutsa yatsopano. Achiwiri ndi kuchedwa kwa uthenga kupita ku seva ndi kubwerako, kumene osewera amati pingi ndipo amakuyeza m'mamilisekondi. Achitatu, omwe ndi oipitsitsa, ndi kusakhazikika: uthenga wina ufika msanga, wotsatira uchedwa sekondi yathunthu, wina utayika panjira osafika n'komwe. Chitsa chimene mlamu wanga ankaona chija chinabadwa ndi matenda achitatuwa. Foni yanga inkandionetsa zimene ine ndalamula, koma seva, yomwe ndi imene imaweruza, inali isanamve kalikonse.

Kuchedwa kwina palibe angakuchotse. Kuwala koyenda mu chingwe cha faiba kumatha makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg molunjika ndi makilomita pafupifupi 1,400, choncho kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 14, ndipo zingwe zenizeni zimakhota kwambiri kuposa pamenepo. Seva ikakhala ku Ulaya, uthenga umayamba wafika kugombe la nyanja ya mchere kudzera ku Mozambique kapena ku Tanzania, n'kulowa m'zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, chomwe chinayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy cha mu 2010. Ulendo umenewo umadya mamilisekondi opitirira 100 ngakhale zonse zili bwino. Dziko lathu lilibe gombe, ndiye timadalira njira za anansi. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri zimenezi zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka m'maiko angapo a kuno kummawa, Malawi ali momwemo. Koma kwa munthu wa ku Thambani mbali yovuta kwambiri ya ulendowu ndi yoyambirira, kuchoka pa foni kukafika pa nsanja ya netiweki. Mapiri amatchinga, madzulo aliyense amakhala pa foni ndiye nsanja imadzaza, ndipo foni ikatsika kuchoka pa 4G kupita pa 2G kuchedwa kumakwera kufika mamilisekondi mazanamazana.

Pali vuto linanso la ife a m'malire. Foni ikasiyidwa kuti izidzisankhira yokha netiweki, nthawi zina imalumphira ya ku Mozambique, intaneti n'kuduka pomwepo. Mankhwala ake ndi kulowa pomwe pamalembedwa `Network operators` kapena `Choose network`, kuzimitsa kusankha kwa yokha, n'kuloza netiweki ya kwanu ndi dzanja. Anthu ambiri amadandaula za masewera pamene vuto lili pamenepa.

Musanakangane za masewera oti musankhe, aliyense ayeze kaye mzere wake, pa nthawi yomwe mukufuna kumasewera, osati m'mawa anthu ali kumunda. Pulogalamu iliyonse ya pingi imachita zimenezi, ndipo amene ali ndi Termux pa Android angalembe izi:

```
ping -c 50 1.1.1.1
```

Foni itumiza timauthenga 50, kamodzi pa sekondi iliyonse, kenaka ipereka chidule. Yang'anani zinthu ziwiri zokha. Pomwe palembedwa `packet loss` pakuonetsa timauthenga tomwe tatayika, ndipo pa mzere wa `min/avg/max` mufananize nambala yoyamba ndi yachitatu. Tiyerekeze kuti yaing'ono ndi 70, yaikulu ndi 110, ndipo palibe katayika: mzere umenewo ungathe masewera othamanga. Koma ngati yaing'ono ndi 70 yomweyo, yaikulu ndi 1,800, ndipo timauthenga titatu mwa 50 tasowa, musanyengedwe ndi nambala yapakati ngakhale ioneke yabwino. Mzere wotere ndi umene umasandutsa munthu chitsa. Kuyezaku sikukuuzani mtunda wa ku seva ya masewera anu, koma kumaulula khalidwe la chigawo choyamba chija, chomwe ndi chathu chovuta.

Masewera othamanga monga Free Fire ndi PUBG Mobile ndiwadutsa mwachangu, ngakhale ndi amene achinyamata amawakonda. Dziko la masewerawo limakhala pa seva ndipo silidikira munthu. Ukaduka, anzako amatsala atatu kulimbana ndi anayi, ndiye kusowa kwako kumalanga gulu lonse. Masamu ake ndi osavuta: ngati aliyense mwa anthu anayi ali ndi mpata umodzi mwa khumi woduka pa mpikisano umodzi, mpata woti onse anayi afike kumapeto osaduka ndi 66 pa 100 basi. Mpikisano umodzi mwa itatu uwonongeka, pamene aliyense payekha akuona ngati netiweki yake ilibe vuto lalikulu. Onjezani apo kuti akaunti ya Free Fire imamangidwa ku chigawo cha dziko komwe inatsegulidwira, moti mnzathu wa ku Mangalande sankatha kulowa gulu limodzi ndi ife ndi akaunti yake ya kumeneko.

Pali mtundu wina umene umaoneka ngati ungathandize koma umakhumudwitsa: masewera omanga ndi kulima limodzi, monga Minecraft ndi Terraria, pomwe foni kapena kompyuta ya mmodzi wa inu imasunga dziko lonse ena n'kumalowamo. Ndi odekha, palibe wokuthamangitsa kwambiri, koma mwini dziko akaduka onse amatulutsidwa. Komanso makampani a mafoni amagawira anthu ambirimbiri adiresi imodzi ya pa intaneti, choncho kulumikiza molunjika ku foni ya munthu amene ali pa deta nthawi zambiri kumakanika. Ngati mwaumirira mtundu umenewu, dziko lisungidwe ndi amene ali ndi faiba kunyumba, kapena mulipire seva yosazima monga Realms ya Minecraft. Wa ku Thambani asakhale mwini dziko, ngakhale atakhala kuti ndiye wamkulu pagulu.

Amene anatigwira kwa miyezi ingapo ndi Clash of Clans, a kampani ya ku Finland ya Supercell, omwe anatuluka mu 2012. Apa nzeru yake ndi ina. Mumapanga fuko limodzi, ndipo nkhondo ya mafuko imakhala ndi tsiku lokonzekera kenaka maola 24 omenyana. Aliyense ali ndi mipata iwiri youkira, ndipo kuukira kumodzi sikupitirira mphindi zitatu. Simufunika kukhalapo nonse nthawi imodzi. Wa ku Joni amaukira akaweruka kuntchito, ine ndimadzuka mbandakucha anthu asanadzaze nsanja. Funso limasintha: m'malo mofuna ola lathunthu la netiweki yabwino, ukungofuna mphindi zitatu zabwino pa tsiku. Komabe mphindi zitatuzo n'zosakhululuka. Ukaduka uli pakati, asilikali omwe unali usanawatsitse amatsala m'thumba, mpata wako wapita, ndipo fuko lonse liona nyenyezi imodzi pa dzina lako. Chinanso n'chakuti eni ake akatulutsa pulogalamu yatsopano sulowa mpaka utaitsitsa, ndipo zimenezi zikakugwera tsiku la nkhondo uli ndi bandulo yotsala pang'ono, wagwa nayo. Kunena zoona, kugwirizana kwake n'kochepanso: mumathandizana asilikali ndi kugawana adani, koma pomenya aliyense amakhala yekha.

Kumene tinapeza chimene tinkafuna ndi ku masewera a makadi ndi a pa bolodi oseweredwa mosinthana, pomwe seva imasunga tebulo ndipo imadikira. Malo odziwika kwambiri ndi Board Game Arena, tsamba lochokera ku France lomwe limatsegulidwa pa Chrome kapena pulogalamu ina yotere popanda kutsitsa kanthu. Potsegula tebulo pali kusankha pakati pa `Real-time` ndi `Turn-based`. Sankhani yachiwiriyo. Ikafika nthawi yako, umalandira uthenga, umalowa, umaponya, umatuluka. Uthenga wa kuponyako ndi waung'ono kwambiri moti ngakhale 2G imaunyamula. Ukaduka pakati, umangotsegulanso tsambalo ndipo tebulo umalipeza momwe linalili. Cholemera ndi ulendo woyamba wokha, pamene zithunzi za makadi zikutsika. Chitani zimenezo tsiku lomwe mwapita ku boma, ndipo musamafufute zosungidwa za Chrome pofuna kupeza malo mu foni, chifukwa mukatero zidzatsikanso zonse.

Masewera amene ndikuti ndi oyenera kuyambira ndi Hanabi, opangidwa ndi Mfalansa Antoine Bauza mu 2010, omwe anapata mphoto ya ku Germany ya Spiel des Jahres mu 2013. Ali ndi makadi 50 a mitundu isanu. Mtundu uliwonse uli ndi ma 1 atatu, ma 2 awiri, ma 3 awiri, ma 4 awiri ndi 5 mmodzi yekha. Cholinga cha gulu lonse ndi kuyala mtundu uliwonse patebulo kuyambira 1 mpaka 5, ndipo mukakwanitsa yonse mwapeza 25. Chodabwitsa chake n'chakuti makadi ako suwaona. Umaona a anzako onse, ako okha ndi obisika kwa iwe, ngati munthu amene ali ndi chinthu pamphumi. Ikafika nthawi yako uli ndi zochita zitatu zoti usankhepo chimodzi: kuponya khadi, kutaya khadi, kapena kuuza mnzako chinthu chimodzi chokha za makadi ake, mtundu kapena nambala, ndipo uyenera kuloza makadi onse ogwirizana ndi chimene wanenacho. Kuuzako kumalipiridwa ndi tizindikiro tomwe tilipo 8 pachiyambi. Ukauza mnzako kamodzi kamachoka, ukataya khadi kamodzi kamabwerera. Mukaponya molakwika katatu, masewera atha ndipo mwaluza nonse.

Onani mmene zinakhalira tsiku lina. Patebulo panali zofiira 1 ndi 2, zobiriwira zitafika pa 3, ndipo kachizindikiro kouzira kanatsala kamodzi kokha. Nditatsegula foni m'mawa ndinaona kuti mlamu wanga, yemwe amatsatira ine, ali ndi 3 wofiira, khadi loti liponyedwe pomwepo. Koma kumapeto kwa dzanja lake, pamalo a khadi lakale kwambiri lomwe mwachizolowezi chathu ndi limene munthu amataya akasowa chochita, panali 5 wobiriwira. Ndikanamuuza kuti "lofiira ndi ili", akanaponya 3 uja n'kusangalala, koma tizindikiro tikanathera pomwepo, ndipo ulendo wotsatira akanatha kutaya 5 uja, yemwe alibe mnzake m'makadi onse. Zobiriwira zikanathera pa 4 mpaka kalekale. Ndinasankha kumuuza kuti "ili ndi 5". Iye anamva kuti ndikumuchenjeza, sanaliponye, anataya khadi lina, kachizindikiro kanabwerera, ndipo msuweni wa ku Tete anakagwiritsa ntchito kumuuza za 3 wofiira uja. Zonsezi zinatenga kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, aliyense ali pa ntchito zake, ndipo ine ndinagwiritsa ntchito netiweki kwa nthawi yosakwana mphindi ziwiri.

Chimene chimapangitsa Hanabi kugwirizana ndi netiweki yofooka ndi lamulo lake lomwe: kulankhulana n'koletsedwa kupatula kudzera m'tizindikiro tija. Masewera ena ogwirizana amafuna kuti muzikambirana pa foni uku mukusewera, ndipo kuimbirana ndi kumene kumayamba kufa netiweki ikagwedezeka. Apa palibe choimbirana. Ngakhale zili choncho, mlamu wanga ali ndi chizolowezi chotumiza kankhope kotsekula maso pa gulu lathu la WhatsApp akaona wina watsala pang'ono kulakwitsa. Kumeneko ndi kuba, ndipo tinamuuza.

Kusewera kotere kuli ndi zovuta zake zomwe muyenera kuzidziwiratu. Choyamba ndi kutalika. Masewera amodzi a Hanabi a anthu anayi amatenga maulendo pafupifupi 60. Aliyense akamaponya kawiri pa tsiku, ndiye maulendo 8 pa tsiku, masewera amodzi atha sabata yathunthu ndi kakusefukira. Mukapezeka nonse madzulo amodzi netiweki ili bwino, tebulo lomwelo limatha pa theka la ola, chifukwa palibe choletsa kuponya msanga. Nambala yomwe mumasankha potsegula tebulo, monga kuponya kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndi malire a kuchedwa chabe. Sankhani yomasuka kwambiri. Munthu akapitirira nthawi yake tsambalo limalola kuti achotsedwe ndipo mbiri ya akaunti yake imadetsedwa, zomwe si chilungamo kwa munthu amene foni yake yagona kotchajitsa masiku awiri chifukwa kunali mitambo ndipo sola sinagwire. Chachiwiri ndi kuiwala. Pamene mnzako akukuuza kuti "ili ndi 2", tanthauzo lake limadalira mmene tebulo linalili nthawi imeneyo. Pakapita maola khumi umakumbukira kuti ndi 2, koma waiwala ngati ankati uponye kapena usunge. Ine ndimasunga kakope kakang'ono momwe ndimalemba mzere umodzi ndisanatseke foni. Za nthawi sizivuta kwenikweni: Malawi, Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ali pa ola limodzi. Wa ku Mangalande yekha ndiye amatsalira ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi inayo.

Pa tsamba lomweli la Board Game Arena pali masewera ena awiri otchuka amene tinawayesa, ndipo anatiphunzitsa kuti si masewera onse osinthana amene amayenda bwino pang'onopang'ono. The Crew, a Thomas Sing a mu 2019, ndi okoma kwambiri mukakhala pamodzi: makadi 40, ndipo gulu limapatsidwa ntchito yoti munthu wakutiwakuti ndiye adye khadi lakutilakuti. Koma ulendo uliwonse ndi khadi limodzi, ndipo kawirikawiri ulibe chosankha chifukwa uyenera kutsatira mtundu womwe waponyedwa. Kudikira maola asanu kuti munthu aponye khadi lomwe analibe njira ina n'kotopetsa. Pandemic, a Matt Leacock a mu 2008, ali mbali inayo. Mumalimbana ndi miliri inayi pa mapu a mizinda 48, Johannesburg ndi Kinshasa zili pomwepo ngakhale Lilongwe palibe, ndipo ulendo uliwonse uli ndi zochita zinayi, choncho ukalowa umagwiradi ntchito yooneka. Zonse zili poyera, ndiye mumatha kukambirana ndi mauthenga a mawu pa WhatsApp, omwe amadikira netiweki n'kupita okha ikabwera. Vuto lake ndi la umunthu: amene ali ndi intaneti yabwino amaona tebulo nthawi zonse, amaganiza msanga, ndipo posakhalitsa amayamba kulamula aliyense chochita. Wa netiweki yofooka amasanduka wongodina mabatani a mnzake. Tinaika lamulo loti mwini ulendo ayambe wanena maganizo ake ena asanayankhe. Dziwaninso kuti masewera ena pa tsambali amafuna kuti wotsegula tebulo akhale wolipira, koma ndi mmodzi yekhayo, enanu mumalowa ulere. Ntchito imeneyo ndi ya wa ku Mangalande.

Muyezo umene ndinatengapo ndi uwu: werengani kuti masewerawo amapatsirana kangati kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, ndipo pa kupatsirana kulikonse munthu ali ndi choganiza chochuluka bwanji. Kupatsirana kochepa kokhala ndi zoganiza zambiri ndiko kumayenera mzere wathu.

Nditaganiza motero ndinazindikira kuti masewera otere tili nawo kale pakhonde. Bawo ndi la anthu awiri olimbana, koma palibe choletsa kuti mbali imodzi ikhale ya anthu anayi. Kuno kuli agogo ena amene palibe mnyamata anawadyapo kawiri motsatizana. Tinawapempha kuti asewere ndi gulu lathu lonse, iwo okha mbali yawo, ife anayi mbali inayo, ulendo umodzi kapena iwiri pa tsiku. Anaseka kaye, kenaka anati, "Adzukulu, ngakhale muitane a ku Amereka omwe, nkhomo ndi zomwezi." Bawo lenileni limakhala pakhonde pawo, lovundikiridwa ndi lichero kuti nkhuku ndi ana asasokoneze. Ine ndine mtumiki: ndimapita madzulo, agogo amaponya, ndimatumiza mmene bawo lilili ku gulu, anzanga amakangana usiku wonse, ndipo mawa lake ndimakaponya chimene tagwirizana.

Poyamba ndinkatumiza chithunzi, koma chithunzi chili ndi mavuto awiri. Chimakakamira panjira netiweki ikafooka, ndipo dzenje likadzaza sungawerenge ngati muli nkhomo 6 kapena 7 chifukwa zina zimabisika pansi pa zinzake. M'bawo kuphonya nkhomo imodzi kumasintha komwe dzanja likathere, ndiye kuwerengera konse kwa gulu kumapita m'madzi. Tsopano ndimalemba manambala, mizere inayi ya maenje 8, ya agogo pamwamba, yathu pansi:

```
1 0 3 2 0 4 1 2
0 2 5 0 1 0 3 2
2 0 1 7 0 3 0 4
3 1 6 2 0 5 1 3
```

Bawo lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo nkhomo zodyedwa sizichoka pabwalo, zimangosamukira mbali ya wodyayo. Choncho aliyense akalandira uthengawu amayamba waphatikiza manambala onse, pamodzi ndi nkhomo zomwe zikadali m'manja ngati masewera ali koyambirira. Akapanda kukwana 64, ndiye kuti mtumiki walakwitsa, ndipo ndimabwerera kukawerenganso. Pamwambapa agogo ali ndi 26, ife 38. Uthenga wonsewu ndi waung'ono moti umadutsa ngakhale pa kamzere kamodzi ka netiweki, umayenda pa bandulo yotchipa ya WhatsApp yokha yomwe singatsegule masewera ena aliwonse, ndipo zikavutitsitsa umapita ngati uthenga wamba wa pa foni. Anzanga kunjako anajambula mabawo awo pa makatoni. Wa ku Joni amagwiritsa ntchito nyemba, wa ku Mangalande timabatani ta malaya. Aliyense amayesa njira zake payekha n'kubweretsa ku gulu, ndipo poyankha timatchula mzere, nambala ya dzenje kuwerenga kuchokera kumanzere kwathu, ndi mbali yolowera. Chimodzi chofunika kuchita musanayambe ndi kugwirizana malamulo, chifukwa bawo limasiyana pang'ono malinga ndi dera, ndipo msuweni wathu anali atazolowera kaseweredwe kena ku Tete. Tinagamula kuti malamulo ndi a pakhonde pomwe pali bawolo.

Kugwirizana kumene ndinakuona apa sindinakuone m'masewera ena onse aja. Mmodzi amaona msanga podyera, wina ndi wodekha powerenga maulendo ataliatali omwe dzanja limazungulira kangapo, wina ntchito yake ndi kufunsa kuti "nanga tikatero, agogo abwezera bwanji?" Munthu akasowa masiku awiri, gulu limapitiriza ndipo akabwera amawerenga zomwe zadutsa. Palibe amene amafa chifukwa cha iye.

Sindikunena kuti achinyamata asiye masewera othamanga. Amene pingi yake yaonetsa kukhazikika asewere, azimitse kaye `Auto-update apps` mu Play Store ndi `Media auto-download` mu WhatsApp, chifukwa kanema mmodzi wotsika mwakachetechete kumbuyo amatsekereza njira yonse n'kukweza kuchedwa. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imathetsa mbali yaikulu ya vutoli kwa amene angakwanitse kugula zida zake ndi kulipira mwezi ndi mwezi, komanso ali ndi magetsi odalirika. Mabanja ambiri a kuno sali pamenepo. Kwa gulu lomwe mmodzi yekha ali pa mzere wonga wanga, chigamulo changa ndi chakuti masewera asankhidwe poyang'ana iyeyo, osati poyang'ana atatu enawo: Hanabi pa `Turn-based` ngati nonse muli ndi mafoni otsegula tsamba, Pandemic ngati mumakonda kukangana, bawo la manambala ngati bandulo ndi ya WhatsApp yokha.

Pamene ndikulemba izi agogo atidya kawiri, ife tawadya kamodzi, ndipo masewera achinayi ali pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Dzulo anafunsa ngati wa ku Joni uja ndi amene anaganiza zoyambira dzenje lachinayi. Nditavomera, anangoti ndimuuze kuti akadzabwera pa Khirisimasi adzakhale pansi asewere nawo yekha.